Tsamba la Pulogalamu pa Google Play Ndi Lonjezo

 Pali nkhani imene ambiri opanga mapulogalamu a pafoni amaisiyira usiku womaliza, pulogalamu itatha kale ndipo thupi litatopa. Nkhaniyo ndi ya tsamba limene pulogalamu yanu imaonekera pa Google Play. Ndasankha Google Play chifukwa mafoni amene ali m'manja mwa anthu ambiri kwathu kuno, a Itel, a Tecno ndi a Samsung, ndi a Android. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiibwereza mpaka muitope: tsambalo ndi lonjezo. Munthu amene akuliwerenga sanaigwirepo pulogalamu yanu. Akupereka bandulo yake ndi malo a m'foni mwake chifukwa cha zimene mwamuuza, ndipo chilichonse chimene mwamuuza adzachifuna akaitsegula. Ndiyankhula zinthu zinayi: choyamba zithunzi, chachiwiri mawu ofotokoza, chachitatu msinkhu wa oyenera kuigwiritsa ntchito, ndipo chachinayi kuitulutsa pang'onopang'ono. Zitatu zoyambazo ndi lonjezo lenilenilo. Chachinayi ndi njira yoyesera lonjezolo pa anthu ochepa musanalipereke kwa onse.

Kuti tisayankhule za m'malere, tiyeni tiyerekeze kuti tapanga pulogalamu yothandiza mlembi wa banki mkhonde. Amalembamo masheya a membala aliyense, ngongole zimene zatuluka, ndi ndalama zimene zabwezedwa, ndipo pamapeto pa chaka imamuwerengera zogawana. Imagwira ntchito popanda netiweki. Muli kabokosi kamene mamembala amatumizirana mauthenga netiweki ikapezeka. Siyibwereketsa ndalama, siyisunga ndalama, ndipo siyinalumikizidwe ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba. Sungani zimenezi m'mutu, chifukwa pa mfundo iliyonse tizibwerera kwa mlembi ameneyu.

Choyamba, zithunzi. Play Console imafuna chizindikiro cha pulogalamu cha mapikiselo 512 mbali zonse, chithunzi chachikulu cha pamwamba cha 1024 m'litali ndi 500 m'lifupi, ndi zithunzi za pasikirini zosachepera 2. Za foni mungaike mpaka 8. Lamulo lolembedwa limati mbali iliyonse ikhale pakati pa mapikiselo 320 ndi 3840, ndipo mbali yaitali isapitirire kawiri mbali yaifupi. Apa pali msampha, chifukwa mafoni ambiri a masiku ano ndi aatali: chithunzi cha 1080 ndi 2400 chimene foni yanu yajambula chapitirira kale malirewo. Muyeso wosakupatsani vuto ndi 1080 ndi 1920, ndipo mukaika zithunzi zosachepera 4 za muyeso umenewu mumakwaniritsanso zimene Google imafuna kuti pulogalamu ithe kuonetsedwa m'malo ena amene imalangizira anthu mapulogalamu. Miyesoyi ndi yosavuta, makina amakuuzani mukalakwitsa. Chimene makina sakuuzani ndi chakuti chithunzi chikunena zoona kapena ayi.

Mlembi wathu akafika pa tsamba, maso ake amagwera pa zithunzi ziwiri kapena zitatu zoyamba, zotsalazo zimafuna kuti akoke ndi chala. Choncho chithunzi choyamba chisakhale chitseko cholowera chofunsa nambala ya foni, kapena chizindikiro cha kampani yanu chili chokha. Chikhale mndandanda wa mamembala ndi masheya awo, ndalama zolembedwa m'makwacha, monga momwe kope lake limaonekera. Chachiwiri chionetse ngongole imodzi ndi tsiku lobweza. Chachitatu chionetse zogawana za pamapeto pa chaka. Mayina ndi manambala a m'zithunzizo akhale opeka. Kujambula kope la gulu lenileni n'kuika pa tsamba limene dziko lonse lingaone ndi kuulutsa ngongole za anthu popanda chilolezo chawo, ndipo pulogalamu imene yayamba ndi kuulula zinsinsi singapemphe anthu kuti aikhulupirire ndi zinsinsi zina. Mukalemba mawu pamwamba pa chithunzi, akhale ochepa ndi aakulu, ndipo muwayese pa foni ya sikirini yaing'ono, osati pa kompyuta imene munawapangirapo.

Wina anena kuti: koma anzathu onse amakometsa zithunzi, amaika zojambula za katswiri zimene m'pulogalamu mulibe, ndipo anthu amatsitsa. N'zoona kuti amatsitsa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Munthu amene waona chithunzi cha kulipira ndi foni, n'kutsegula pulogalamu osachipeza, amaichotsa tsiku lomwelo, ndipo ena amasiya nyenyezi imodzi ndi mawu owawa. Pa pulogalamu yatsopano imene ili ndi ndemanga zisanu zokha, nyenyezi imodzi imeneyo imakoka chiwerengero chonse pansi, ndipo aliyense wobwera pambuyo amaiona. Kuonjezera apo, malamulo a Google Play amaletsa zithunzi zonamiza, ndiponso kuika chizindikiro cha kampani ina ngati kuti mumagwira nayo ntchito. Kukongoletsa sikulakwa. Ikani chithunzicho m'chimango cha foni, sankhani mtundu wabwino kumbuyo kwake. Koma chimene chili pakati chikhale chimene mlembi adzachione akatsegula.

Chachiwiri, mawu. Muli ndi mabokosi atatu. Dzina la pulogalamu lisapitirire zilembo 30. Mawu achidule, amene pa sikirini amalembedwa `Short description`, asapitirire zilembo 80. Mawu athunthu, `Full description`, angafike zilembo 4000. Mipata ya pakati pa mawu imawerengedwa ngati zilembo. Bokosi lofunika mphamvu zanu zambiri ndi la zilembo 80, chifukwa ndi limene limaoneka munthu asanadine pena paliponse. Kwa mlembi wathu tingalembe kuti: "Lembani masheya, ngongole ndi zobweza za gulu lanu, ngakhale popanda netiweki." Zimenezi ndi zilembo 78. M'chiganizo chimodzi chimenechi wamva ntchito yake, wamva kuti ndi ya gulu, ndipo wamva yankho la funso limene linali kale mumtima mwake, lakuti kumudzi kwawo kumene netiweki imachita kusakidwa pachulu idzagwira ntchito kapena ayi. Yerekezani ndi mawu akuti pulogalamu yamakono yosintha miyoyo ya anthu. Mawu amenewo angaikidwe pa pulogalamu ina iliyonse, ndiye kuti sananene kanthu za yanuyi.

M'mawu athunthu simukakamizidwa kudzaza zilembo zonse 4000. Mizere yoyamba inene za amene pulogalamuyi yapangidwira ndi zimene imachita. Kenaka nenani zimene siyichita. Ndikudziwa kuti apa ambiri mtima umakana, chifukwa kunena zimene mulibe kumaoneka ngati kuthamangitsa ogula. Koma taganizirani mawu oti "ngongole" ali pa tsamba lathu. Munthu wofuna kubwereka ndalama akawaona, atsitsa pulogalamuyo poganiza kuti apeza ngongole, ndipo akapeza kope lolembamo adzamva kuti mwamunyenga. Woyang'anira wa Google nayenso akawaona adzafuna kudziwa ngati ndinu obwereketsa ndalama, chifukwa mapulogalamu a ngongole ali ndi malamulo awoawo okhwima, ndipo mu `App content` muli fomu yofunsa za ntchito za ndalama zimene pulogalamu imachita. Chiganizo chimodzi chakuti pulogalamuyi siyibwereketsa kapena kusunga ndalama, imangolemba zimene gulu lachita, chimatseka makomo onse awiri a chisokonezo. Amene chamubweza ndi amene akadakupatsani nyenyezi imodzi. Malamulo a mawu amaletsanso zinthu zingapo zimene zimakopa oyamba kumene: kudzitcha nambala wani, kuika mawu a mtengo kapena tizithunzi tankhope m'dzina, kubwereza mawu amodzimodzi kambirimbiri kuti mupezeke posaka, ndi maumboni a anthu osatchulidwa dzina.

Mawu amenewa ayeneranso kugwirizana ndi fomu ya `Data safety` ndi chikalata chanu chofotokoza mmene mumasungira zinsinsi za anthu. Ngati tsamba likuti zonse zimakhala m'foni mwanu, pamene kabokosi ka mauthenga kamatumiza mayina ndi manambala a foni ku seva, ndiye kuti mwalonjeza chimene pulogalamu siyichita. Ndipo ngati pulogalamu imafuna kulowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi, perekani akaunti yoyesera mu `App content`. Woyang'anira akalephera kudutsa pachitseko amaibweza, ndipo popeza kuunika kungatenge masiku 7 kapena kuposerapo, kuiwala kumeneku kungakudyereni sabata yathunthu.

Chachitatu, msinkhu. Pano pali mafunso awiri osiyana amene anthu amawasakaniza. Funso loyamba ndi lakuti m'pulogalamu muli chiyani. Limayankhidwa mu `Content rating`, pa fomu ya bungwe la IARC, imene imafunsa za chiwawa, zolaula, mawu otukwana, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, juga, komanso ngati anthu amatha kuyankhulana kapena kugawana malo amene ali. Simusankha nokha msinkhu. Mumayankha mafunso, ndipo kuchokera pa mayankho omwewo mumatuluka zizindikiro zosiyanasiyana: cha ESRB ku America, cha PEGI ku maiko ambiri a ku Ulaya, cha USK ku Germany, ndi chizindikiro wamba cha IARC, cha 3+, 7+, 12+, 16+ kapena 18+, m'maiko amene alibe bungwe lawolawo m'dongosololi. Funso lachiwiri ndi lakuti mwaipangira ndani. Limayankhidwa mu `Target audience and content`, momwe muli magulu a zaka kuyambira 5 kutsika pansi mpaka 18 kupita m'mwamba.

Pulogalamu ya mlembi wathu ilibe chiwawa kapena zolaula, ndiye chizindikiro chake chidzakhala cha msinkhu wotsika. Koma siyinapangidwire ana, ndiye pa funso lachiwiri tisankha zaka 18 kupita m'mwamba basi. Wina aganiza kuti kusankha magulu onse kumakulitsa msika. Chimene kumachita ndi kukulowetsani m'malamulo a mapulogalamu a ana, chifukwa mukangosankha gulu la osakwana zaka 13 mumayenera kutsata malamulo okhwima a malonda amene mungaonetse ndi zinthu zimene mungatole kwa ogwiritsa ntchito. Ndipo pa funso loyamba pali yesero lina: kabokosi ka mauthenga kaja. Wopanga amaona funso lakuti kodi anthu amatha kutumizirana mauthenga, n'kuyankha kuti ayi, poti kabokosiko n'kakang'ono ndipo akuopa kuti msinkhu ukwera. Yankho loona ndi inde. Kholo limene likuyang'ana tsamba lanu lisanapatse mwana foni likufuna kudziwa ngati munthu wina angamulembere mwanayo, ndipo chizindikiro chimene mwalandira ndi mawu anu kwa khololo. Google imanena poyera kuti kunamiza pa fomuyi kungachititse kuti pulogalamu ichotsedwe. Musaiwalenso kuti lonjezo limakalamba: tsiku limene mudzaonjezere malonda, kutumizirana zithunzi, kapena kamasewera ka mwayi, bwererani ku mafomu amenewa mukayankhenso.

Chachinayi, kutulutsa pang'onopang'ono, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pali kusamvetsa kwakukulu. Ambiri anamva kuti pa Google Play mungapereke pulogalamu kwa anthu 5 kapena 10 pa 100 aliwonse kaye, ndipo amakonza zochita zimenezi pa tsiku loyamba. Sizitheka. Kupereka kwa gawo la anthu kumagwira ntchito pa kukonzanso pulogalamu imene ili kale pamsika, osati pa kuitulutsa koyamba. Ngakhale ku App Store ya Apple, kumene kutulutsa kwa magawo kumayenda masiku 7 kuchokera pa 1 peresenti mpaka 100, ndi kwa zokonzanso zokha. Tsiku loyamba, aliyense wa m'dziko limene mwasankha angathe kuitsitsa. Choncho pa pulogalamu yatsopano masitepe anu ndi ena, ndipo ali awiri: njira zoyesera, ndi kusankha maiko.

Njira zoyesera zimayamba ndi `Internal testing`, imene imalola anthu mpaka 100 ndipo imafika msanga m'mafoni awo. Imeneyi ndi ya inu ndi anzanu. Kenaka `Closed testing`, ya anthu amene mwawaitana ndi maimelo awo. Ngati akaunti yanu ndi ya munthu payekha ndipo inatsegulidwa pambuyo pa 13 Novembala 2023, sitepe imeneyi ndi lamulo: pakhale oyesa osachepera 12 amene akhala olembetsa masiku 14 otsatizana musanapemphe chilolezo cha `Production`. Poyamba chiwerengerochi chinali 20, Google inachitsitsa kumapeto kwa 2024. Itanani oposa 12, chifukwa mmodzi akatuluka pakati pa ulendo chiwerengero chimaperewera. Ambiri amaliona lamuloli ngati chipsinjo, ndipo amasonkhanitsa anzawo a m'kalasi kuti angodina. Ndikumvetsa kutopa kwake, koma kutero n'kutaya masiku 14 amene palibe wina adzakupatseninso. Anzanu a m'kalasi ali ndi mafoni abwino ndipo amadziwa kale pamene ayenera kudina. Oyesa enieni a pulogalamu yathu ndi alembi a magulu, okhala ndi foni ya memole yochepa, yodzaza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp, imene batire lake limatha msonkhano uli pakati. Funso loti muwafunse si lakuti kodi yakusangalatsani. Muwaonetse tsamba lija, zithunzi ndi zilembo 78 zija, kenaka muwafunse ngati zimene apeza m'kati ndi zimene tsambalo linawalonjeza. Mayi wophikira anthu ambiri amalawa mchere ndi chipande ndiwo zikadali pamoto, chifukwa zikafika m'mbale za alendo palibenso chokonza.

Sitepe ina ndi maiko. Mu `Production` mumasankha maiko amene pulogalamu ipezeke, ndipo palibe chokukakamizani kusankha onse. Yambani ndi Malawi. Zambia ili ndi kwacha yakeyake, Mozambique ili ndi metikali, ndipo zithunzi zathu zikuonetsa kwacha ya kuno, choncho kumeneko lonjezo lathu silinakonzeke. Dziwani kuti Google imayang'ana dziko la akaunti ya Play ya munthu. Mbale wanu wa ku Joni amene akaunti yake ndi ya South Africa sadzaipeza, ndipo chimenecho si chilema cha pulogalamu.

Tsopano tinene kuti papita miyezi, alembi 2000 akuigwiritsa ntchito, ndipo mwakonza mtundu wachiwiri umene ukusintha kasungidwe ka ngongole m'foni. Apa ndi pamene gawo la anthu limayamba kugwira ntchito. Mukaika 10 peresenti, anthu pafupifupi 200 osankhidwa mwachisawawa ndi amene angaulandire, ndipo salandira onse tsiku limodzi, chifukwa mafoni ambiri amadikira Wi-Fi kuti akonzenso mapulogalamu. Chiwerengerocho sichikwera chokha, ndinu amene mumachikweza. Mukudikira chiyani? Tsegulani `Android vitals`. Google imaona kuti pulogalamu ili ndi khalidwe loipa ngati anthu oposa 1.09 pa 100 oigwiritsa ntchito pa tsiku aona ikuzima yokha, kapena oposa 0.47 pa 100 aona ikuuma osayankha, ndipo pa mtundu umodzi wa foni malire ndi 8 pa 100. Kupitirira malire amenewa kungachititse kuti pulogalamu isamaonetsedwe kwambiri, kapena kuti pa tsamba lanu paikidwe chenjezo. Yerekezani mtundu watsopano ndi wakale, ndipo muyang'ane mtundu wa foni uliwonse paokha, chifukwa vuto la mafoni a memole yochepa limabisala m'chiwerengero cha onse pamodzi.

Pali chitsutso chimene ndikuchivomereza mbali ina. Wina anena kuti ndili ndi anthu 300 okha, 5 peresenti ndi anthu 15, ndipo pa anthu 15 manambala sanena kanthu. Akunena zoona. Pa anthu 15, foni imodzi ikazima chiwerengero chimafika pafupifupi 7 pa 100, ndipo ikapanda kuzima simunaphunzire chilichonse. Koma yankho si kupereka kwa onse nthawi imodzi. Yankho ndi kuyamba ndi gawo lalikulu, 20 kapena 30 peresenti, kudikira nthawi yotalikirapo, ndi kuwerenga lipoti lililonse la kuzima palokha m'malo mokhulupirira maperesenti. Kutalika kwa kudikirako kutsatire moyo wa pulogalamu yanu. Magulu ambiri a banki mkhonde amakumana kamodzi pa sabata, ndiye mlembi amene walandira mtundu watsopano Lolemba mwina sautsegula mpaka Loweruka. Masiku awiri achete sakutanthauza kuti zonse zili bwino, angotanthauza kuti msonkhano sunachitike. Dikirani sabata yathunthu musanakweze kufika pa 50, ndi ina musanafike pa 100. Ndipo vuto loopsa kwambiri pa pulogalamu ngati imeneyi silioneka mu `Android vitals` n'komwe: pulogalamu imene yawerengera chiwongoladzanja molakwika siyizima, imangoonetsa nambala yabodza mwaulemu. Limenelo mudzalimva m'ndemanga ndi kwa alembi amene munawasunga kuchokera pa nthawi yoyesa ija.

Mukaona vuto, dinani `Halt rollout`. Koma mvetsani bwino chimene batani limeneli limachita. Limaletsa anthu ena kulandira mtundu woipawo. Amene aulandira kale amakhala nawo. Madzi akatayika saoleka: simungawabwezere ku mtundu wakale, mungathe kokha kutulutsa wina wokonzedwa, wokhala ndi `versionCode` yoposa ya woipawo, ndipo ngati woipawo unasintha kale zolembedwa za ngongole m'mafoni 200 aja, wokonzedwayo ayenera kudziwa kuwerenga zolembedwa za mitundu yonse iwiri. N'chifukwa chake kusintha kasungidwe ka zinthu kumafuna gawo loyamba laling'ono kuposa kusintha mtundu wa batani, ndipo n'chifukwa chake simuyamba kutulutsa Lachisanu madzulo pamene palibe amene akhale maso Loweruka.

Chotsala ndi chimodzi, ndipo chikukhudza zithunzi zija. Pulogalamu imagawidwa m'maperesenti, koma tsamba siligawidwa. Mukasintha zithunzi ndi mawu tsiku limene mwayamba 10 peresenti, aliyense amaona zatsopano, pamene 9 mwa 10 alionse otsitsa adzalandira mtundu wakale umene ulibe zimene zithunzizo zikuonetsa. Google yomwe imalangiza kuti tsamba lisinthidwe mtundu watsopano ukafika kwa onse. Konzani zithunzi zatsopano, muzisunge pambali, ndipo muziike tsiku limene mwakweza kufika pa 100. Ngati mtundu watsopanowo wabwera ndi chinthu chokhudza mafomu a msinkhu kapena a `Data safety`, mafomu amenewo ndiye ayankhidwe kale munthu woyamba asanaulandire.